Chala chachikulu cha kuphazi chikatupa mwadzidzidzi: matenda a gauti

Munthu amagona ali bwinobwino. Pakati pa usiku kapena m'bandakucha amadzidzimuka ndi ululu pamfundo ya chala chachikulu cha kuphazi, pamene chalacho chimalumikizana ndi phazi. Pofika m'mawa mfundoyo imakhala itatupa, ikutentha, khungu litafiira kapena kudera ndiponso likunyezimira. Ngakhale bulangete likangokhudza, munthu amafuula. Nsapato siilowa, kuponda pansi nkosatheka. Ululu umafika pachimake pasanathe maola 24, ndipo ngakhale munthu asamwe mankhwala aliwonse, umazilala wokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, khungu la pamalopo n'kumasupuka.

Kawirikawiri zizindikiro zotere zimakhala za gauti, mtundu wina wa nyamakazi. Pafupifupi theka la odwala gauti amayamba kuimva pachala chimenechi, ngakhale kuti imagwiranso akakolo, pamwamba pa phazi, bondo, chigongono ndi zala za kumanja. Imakonda abambo a zaka zopitirira 40. Amayi imawagwira kwambiri akasiya kusamba.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri n'chakuti ululu ukatha amaganiza kuti achira. Koma chimene chinayambitsa ululuwo chimakhala chidakali m'mfundomo, ndipo chimakhala chikuchulukirachulukira.

Mmene gauti imayambira

M'thupi mwa munthu aliyense muli zinthu zotchedwa pyurini. Zambiri zimachokera ku maselo a thupi lomwelo akamatha ndi kulowedwa m'malo ndi atsopano, zina zimachokera ku chakudya. Thupi likaphwanya pyurini pamatsala yuriki asidi, amene amayenda m'magazi mpaka atatayidwa. Impso zimataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu kudzera mu mkodzo, otsalawo amatuluka kudzera m'matumbo.

Magazi ali ndi malire a yuriki asidi amene angathe kusungunula, pafupifupi 6.8 mg/dL monga amalembera ku labotale. Zili ngati shuga mu tiyi: mukathira wambiri, wina amakhazikika pansi pa kapu, makamaka tiyiyo akazizira. Yuriki asidi akakhala pamwamba pa malirewo kwa zaka, amayamba kuundana n'kupanga timibulu tosongoka, tosaoneka ndi maso, m'kati ndi m'mbali mwa mfundo. Chala chachikulu cha kuphazi chili kutali ndi pakati pa thupi kotero chimakhala chozizirirapo, komanso mfundo yake imasenza thupi lonse tikamayenda n'kumaperepeseka pang'onopang'ono. N'chifukwa chake timibuluto timayambira pamenepo.

Timibulu timeneti timatha kukhala zaka osapweteka. Tsiku lina tina timasunthika n'kulowa m'madzi a m'mfundo, asilikali a m'thupi amatiyesa mdani n'kukhamukira pamalopo. Kutupa, kutentha ndi ululu zija zimachokera ku nkhondo imeneyi. Nkhondoyo ikazizira timibuluto sitichoka.

Anthu ambiri amati gauti ndi matenda a anthu odya bwino. Si zoona kwenikweni. Mwa odwala khumi, pafupifupi asanu ndi anayi vuto lawo ndi lakuti impso zawo sizitaya yuriki asidi mokwanira, ndipo khalidwe limeneli limayenda kwambiri m'magazi a ku mtundu. Alipo odya nyama tsiku ndi tsiku amene sadzaidwala, ndipo alipo osauka amene amavutika nayo. Matenda a impso, kunenepa kwambiri, kuthamanga kwa magazi ndi shuga zimayendera limodzi ndi gauti. Mankhwala ena amachititsanso impso kusunga yuriki asidi: haidirokolorothayazaidi, amene ambiri odwala kuthamanga kwa magazi amalandira m'zipatala zathu, furosemaidi wochotsa madzi m'thupi, asipirini wa mlingo wochepa amene amamwa odwala mtima, ndi pirazinamaidi amene ali m'gulu la mankhwala a chifuwa chachikulu.

Chakudya ndi zakumwa zimawonjezera pa vuto lomwe lilipo kale, ndipo nthawi zambiri ndi zimene zimautsa ululu. Mowa ndi woyamba, wa m'botolo ndi wamasese womwe, chifukwa uli ndi pyurini komanso umachedwetsa impso kutaya yuriki asidi. Kachasu ndi mowa wina waukali nawonso amachedwetsa impso. Kenako chiwindi, impso za nyama ndi zam'kati zina, nyama yofiira yambiri pa nthawi imodzi, nsomba zing'onozing'ono zodyedwa zathunthu zikachuluka, ndi zakumwa zozizira zodzaza shuga. Nyemba, nandolo ndi ndiwo zamasamba sizikulitsa gauti, choncho musazisiye. Mkaka nawo ndi wabwino.

Tiyerekeze bambo wa zaka 52, woyendetsa galimoto, wonenepa pang'ono, amene wakhala akumwa haidirokolorothayazaidi kwa zaka zinayi. Loweruka anali ku ukwati kunja kukutentha, anadya kanyenya ndi chiwindi, anamwa mowa mpaka usiku, madzi osamwa. Usiku wa Lamlungu chala chinayamba. Iye adzati wadwala chifukwa cha ukwati, abale ena adzati waponda mankhwala. Zoona zake n'zakuti yuriki asidi wake anali wokwera kwa zaka, mwina 9 mg/dL, timibulu tinali titaunjikana kale, ndipo mowa ndi kuchepa kwa madzi m'thupi zinangotiutsa. Akangomwa mankhwala opha ululu n'kuiwala, mwayi ndi waukulu kuti pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri zidzabweranso. Ulendo uliwonse zimabwera msanga kuposa kale, zimakhalitsa, ndipo zimafalikira ku mfundo zina. Pakapita zaka ngati khumi osalandira chithandizo choyenera, pazala, pachigongono kapena pakhutu pamatha kutuluka zotupa zolimba zimene zikaphulika zimatulutsa zoyera zaufaufa. Fupa limadyeka, zala zimapindika, ndipo ena amapanga miyala mu impso.

Pamene simuyenera kudikira

Mfundo yotupa, yofiira ndi yotentha siikhala gauti nthawi zonse. Tizilombo tikalowa m'mfundo n'kupanga mafinya, maonekedwe ake amakhala omwewa, koma tingawononge mfundoyo m'masiku ochepa ngakhale kupha munthu. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati thupi latentha kapena mukunjenjemera, ngati pali chilonda pafupi ndi potupapo, ngati kufiirako kukukwera mwendo, kapena ngati muli ndi shuga kapena chitetezo cha m'thupi mwanu n'chotsika. Ngati n'koyamba kuti zikuchitikireni, pitaninso kaya mukumva bwanji, chifukwa ndi maso okha simungasiyanitse.

Njira yotsimikiza kwambiri ndi yakuti dokotala apope madzi pang'ono a m'mfundo ndi jakisoni, aone ngati muli timibulu kapena tizilombo. Kumene zimenezi sizitheka, amadalira mbiri ya mmene ululu unayambira, maonekedwe a mfundo ndi kuyeza magazi. Dziwani kuti pa nthawi ya ululu yuriki asidi m'magazi amatha kutsika n'kuoneka ngati ali bwino. Zotsatira zotere sizitanthauza kuti mulibe gauti. Kayezetseninso pakatha masabata awiri kapena anayi ululu utatha, ndipo pemphani kuti akuyezeninso impso, shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Ululu ukayamba

Pumitsani phazi, likwezeni pa pilo, ndipo musaliveke nsapato. Ikanipo ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 20, kangapo pa tsiku. Imwani madzi ambiri, mowa ayi. Musasisite, musathowe ndi madzi otentha, ndipo chonde musateme mphini: mulibe choipa chimene chingatuluke, mungangolowetsamo tizilombo.

Mankhwala amagwira bwino akayambidwa tsiku loyamba. Adokotala amasankha pakati pa mitundu itatu. Pali ochepetsa kutupa monga ibupurofeni, dikilofenaki ndi indomethasini, koma amenewa ndi oopsa kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena a mtima, ndi amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Pali kolichisini, amene masiku ano amaperekedwa pa mlingo wochepa, chifukwa akachuluka amatsegula m'mimba koopsa ndipo ndi poizoni. Pali puredinizoloni wa masiku asanu kapena kupitirira pang'ono, amene amakweza shuga m'magazi. Uzani dokotala mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo otalikitsa moyo, chifukwa ena sagwirizana ndi amenewa. Asipirini musagule kuti muphere ululu wa gauti. Koma ngati munapatsidwa asipirini wa mtima, mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a chifuwa chachikulu, musasiye nokha. Dokotala ndi amene angaone ngati n'kotheka kusintha, ndipo a kuthamanga kwa magazi ali ndi ena olowa m'malo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene amangogula mapiritsi opha ululu pagolosale mwezi ndi mwezi kwa zaka. Gauti imakhala ikukula, ndipo mapiritsi omwewo amakhala akuwononga impso ndi m'mimba.

Kusungunula timibulu

Gauti ndi imodzi mwa mitundu yochepa ya nyamakazi imene ingathetsedwe ululu wake kotheratu. Yuriki asidi akatsitsidwa pansi pa 6 mg/dL, kapena 360 µmol/L, n'kukhala pomwepo, timibulu tatsopano sitipangika ndipo takale timasungunuka pang'onopang'ono. Kusala zakudya kokha kumatsitsa pang'ono, pafupifupi 1 mg/dL, zimene sizingakwanire kwa bambo wa 9 mg/dL uja. Kuchepetsa mowa ndi kuchepetsa thupi pang'onopang'ono kumathandiza, koma kudzimana chakudya mwadzidzidzi kumautsa ululu.

Mankhwala odziwika a ntchito imeneyi ndi alopurinolo, amene amachepetsa kapangidwe ka yuriki asidi m'thupi. Amaperekedwa makamaka kwa amene ululu umawabwerera kawiri kapena kuposa pa chaka, amene ali ndi zotupa zija, miyala mu impso kapena impso zofooka. Amayamba ndi mamiligalamu 100 pa tsiku, kapena ochepera ngati impso n'zofooka, n'kumawonjezera pakatha masabata awiri kapena anayi malinga ndi zotsatira za magazi. Ambiri amafunika 300 kapena kuposa.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Alopurinolo sapha ululu, choncho kumwa pokhapokha chala chikapweteka n'kungotaya ndalama. Ndipo m'miyezi yoyambirira ululu umatha kubwera kawirikawiri kuposa kale, chifukwa timibulu tikamasungunuka timasunthika. Munthu amati mankhwala akumupweteka n'kusiya, pamene kwenikweni anali atayamba kugwira ntchito. Pofuna kupewa zimenezi dokotala amawonjezera kolichisini wochepa kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ululu ukabwera muli pa alopurinolo, pitirizani kumwa, ndipo ululuwo muuchize padera. Pamatenga chaka kapena zaka ziwiri kuti ululu usiyiretu, ndipo nthawi zambiri mankhwalawa ndi a moyo wonse, chifukwa mukasiya yuriki asidi amakweranso m'masabata ochepa.

Pali nthawi imodzi imene muyenera kusiya alopurinolo pompopompo: mukatuluka totupa kapena zidzolo pakhungu, zilonda m'kamwa, maso akafiira kapena thupi likatentha, makamaka m'miyezi itatu yoyamba. Sizichitika kawirikawiri koma zingathe kupha. Musamwenso piritsi lina, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga paketi ya mankhwalawo ndi buku lanu la kuchipatala.