Mtengo waboola denga kenako wabwerera: mayankho kwa ophunzira athu a malonda a makoini

Aphunzitsi, munati tizigula mtengo ukaboola denga. Ndagula, wagwa nthawi yomweyo. Ndalakwa pati?

Funsoli latifika kambirimbiri sabata ino, mwina ndi mawu owawa. Tinene poyera: phunziro lija linati kandulo, chizindikiro cha pa tchati chosonyeza mmene mtengo wayendera pa nthawi yoikika, itsekere pamwamba pa denga, osati ingoligunda. Komabe tikuvomera kuti zitsanzo zathu zinali za Bitcoin, ndipo sitinatsindike kuti pa makoini ang'onoang'ono, pomwe ogula ndi ogulitsa ndi ochepa, lamuloli limanama kawirikawiri.

Denga ndiye chiyani?

Ndi mtengo wapamwamba umene koini yakhala ikuugunda n'kubwerera, kawiri kapena kupitirira.

Bwanji mtengo umangofika pa Stop Loss yanga n'kutembenuka, ngati wina akundiona?

Palibe akuona inuyo panokha. Vuto ndi loti Stop Loss, oda yokutulutsani pa malonda mtengo ukakutembenukirani, nonse mumaiika pamalo amodzi. Tiyerekeze koini yomwe yatha masabata awiri ikuyenda pakati pa 0.0400 ndi 0.0500 USDT. Amene anabetcha kuti itsika aika Stop Loss pa 0.0503 kapena 0.0505, ndipo kwa iwo Stop Loss ndi oda yogula. Amene akudikira kuti iboole aikanso maoda ogula pomwepo. Ndiye pamwamba pa denga paunjikana ogula amene adzagula okha, osafunsa mtengo.

Tsono pali munthu amene ali ndi makoini ambiri ndipo akufuna kuwataya. Akagulitsa pa 0.0480, mtengo ugwa iye asanamalize, poti ogula palibe. Koma ngati maoda ogulitsa onse kufika pa 0.0505 ndi a madola 6,000 okha, iye angathe kuwagula onsewo, maoda anu aja n'kuyaka, mtengo n'kuthamangira ku 0.0524, iye n'kumakugulitsani katundu wake. Ogula okakamizikawo akatha, palibenso woukankha. Kandulo imatseka pa 0.0489, itasiya mchira wautali kumwamba. Sikuti nthawi zonse pamakhala wochita dala. Pena msika umangokhala wopanda anthu. Pa tchati zimaoneka chimodzimodzi.

Ndingadziwiretu bwanji?

Kudziwiratu kwenikweni kulibe, koma kudikira kumathandiza. Onani kandulo ya 4H, ya maola anayi, imene kuno kwathu imatseka 2, 6 ndi 10 koloko, usana ndi usiku; ya tsiku lonse imatseka 2 koloko usiku. Ikatsekera mkati mwa malire akale, kuboolako kwalephera. Ikatsekera pamwamba, dikiranibe muone ngati mtengo ukabwerera pa 0.0500 ukuima n'kunyamukanso.

Voliyumu, kuchuluka kwa malonda amene achitika, ikakula isakunyengeni. Ma Stop Loss akamayaka voliyumu imakwera ndithu. Chofunika ndi kandulo yotsatira. Ngati yafota, ogula aja anali okakamizika chabe. Tsegulaninso tchati cha koini yomweyo pa msika wina: mchira ukaoneka pa msika umodzi wokha, musaukhulupirire. Ndipo musanalowe n'komwe, onani +2% Depth, ndalama zofunika kuti mtengo ukwere ndi 2%, pa webusaiti ya CoinGecko. Ikakhala madola masauzande ochepa, dziwani kuti munthu mmodzi angalisunthe dengalo.

Ndinaika Stop Loss pa 0.0503 koma yanditsekera pa 0.0515. Msika wandibera? Nanga inu mubweza?

Apa tiyankha mosamala. Sitingatsimikize kuti msika uliwonse umachita zolungama, ndipo sitikuona maakaunti anu. Koma kusiyana kotereku, pakokha, si umboni wakuba. Oda ya Stop Market ikayaka imagula pa mtengo uliwonse umene waupeza, ndipo ngati pakati pa 0.0503 ndi 0.0515 panalibe ogulitsa okwanira, imakwera mpaka itadzaza. Stop Limit imaletsa zimenezi, koma mtengo ukalumpha malire anu oda imatsala osadzaza, inu mukadali mkati. Onaninso ngati munasankha Last Price kapena Mark Price: yoyamba imatsata malonda a msika womwewo, choncho mchira umodzi umaiyatsa, pamene yachiwiri imawerengedwa kuchokera ku misika ingapo. Ngati mukukayikirabe, jambulani mbiri ya odayo, nthawi ndi mtengo zioneke, mukadandaule ku msikawo. Za kubweza, ife timaphunzitsa, sitisunga ndalama za munthu, ndipo zotayika pa malonda sitibweza.

Ndiye ndizibetcha zotsika ndikangoona mchira?

Ena amatero, koma werengani kaye. Mukalowa pa 0.0489, Stop Loss iyenera kukhala pamwamba pa mchira, tinene 0.0528. Mwaika pachiswe 0.0039 pa koini iliyonse, ndipo pakati pa malire, pa 0.0450, phindu ndi 0.0039 yomweyo. Phindu limaposa zimene mwaika pachiswe pokhapokha mtengo ukatsika kupitirira pamenepo, kulowera ku 0.0400. Ngati mungapirire kutaya madola 5, gawani 5 ndi 0.0039: makoini pafupifupi 1,280, a madola 63. Musapitirire pamenepo, chifukwa mchira wachiwiri wotalika kuposa woyamba umatha kubwera.