Kalata yomwe odita wa gulupu amalembera anzake, ndi zomwe amayang'ana akayankhidwa

Anthu ambiri akaona lipoti la oditi la kampani yaikulu, ija yokhala ndi makampani ena pansi pake m'mayiko osiyanasiyana, yomwe pamodzi ndi makampaniwo timaitchula kuti gulupu, amaganiza kuti amene wasaina pansipo anayenda konseko ndi kuona mabuku onse yekha. Ayi ndithu sizitheka. Ine ntchito yangayi ndi yomweyi ndipo zoona zake ndi zoti gawo lalikulu la ntchito limagwiridwa ndi maodita ena, ena sitinaonanepo nawo maso ndi maso, timangodziwana pa imelo ndi pa foni. Koma wosaina ndi mmodzi, patinala wa oditi ya gulupu, ndiye kuti mkulu wa maodita amene akutsogolera ntchito yonseyo, ndipo zikalakwika sanganene kuti pepani anandipusitsa anzanga akunja aja. Lamulo lomwe timatsatira, ISA 600, lomwe analikonzanso ndipo lokonzedwalo linayamba kugwira ntchito pa zaka za chuma zoyambira pa 15 Disembala 2023 kapena pambuyo pake, limanena poyera kuti udindo wonse ndi wake, moti ngakhale kutchula odita winayo mu lipoti saloledwa pokhapokha ngati malamulo a dziko akulamula choncho.

Ndiye nkhani yagona pa zinthu ziwiri, kalata ya malangizo yomwe timawatumizira anzathuwo ntchito isanayambe, ndi mmene timaunikira zomwe atibwezera. Kampani iliyonse kapena nthambi yomwe tasankha kuti pachitike ntchito ya oditi timaitchula kuti komponenti, ndipo amene akugwira ntchito kumeneko m'malo mwathu ndi odita wa komponenti.

Tiyerekeze gulupu ya makampani awiri. Yoyamba ndi fakitale yopanga mapampu a madzi, ndiyo mayi. Yachiwiri ndi mwana wake, ili dziko lina, ntchito yake ndi kugula mapampuwo kwa mayi n'kumagulitsa kwa makasitomala. Ife tikuwerengera mabuku a mayi ndi a gulupu yonse, mwanayo akuwerengeredwa ndi ofesi ina ya maodita konko.

Choyamba m'kalatamo ndi malire a cholakwika. Pa oditi sitisaka kandalama kalikonse kosokonekera, timaika mlingo woti cholakwika chikafika apa ndiye kuti chikhoza kusokoneza munthu amene akuwerenga malipoti a chuma, dzina lake matiriyalite. Tinene kuti gulupuyi yapanga phindu la madola 20 miliyoni msonkho usanachotsedwe, ife tasankha 5 peresenti, ndiye malire athu ndi 1 miliyoni. Pogwira ntchito timatsitsako, mwina kufika 750,000, kuti tisiye mpata wa zolakwika zomwe sitingazione. Kwa odita wa mwana uja sitimupatsa 750,000 yonseyo, timupatsa yochepera, tinene 400,000. Chifukwa chake n'chosavuta, ngati komponenti iliyonse italoledwa kusiya zolakwika zofika pafupi ndi malire a gulupu yonse, pophatikiza mabuku tingapezeke tadutsa kale malirewo pomwe aliyense payekha akuti kwathu kulibe vuto. Timamuuzanso kuti cholakwika chilichonse choposa 50,000 atiuze, ngakhale iyeyo akuchiona ngati chaching'ono, chifukwa zing'onozing'ono za kwa iye zikakumana ndi za kwa mayi zimakula.

Mumakhalanso zina zomwe sinditayapo nthawi, kuti atsimikize polemba kuti alibe ubale wa ndalama ndi gulupuyi ndipo agwira nafe ntchito, mndandanda wa makampani ndi anthu omwe ndi achibale a gulupu, malamulo a akaunti omwe gulupu imatsatira (nthawi zina amasiyana ndi a dziko lawo), ndi masiku oti chilichonse chikhale chatifika.

Koma gawo lomwe ndimalitengera mtima kwambiri ndi lija lomuuza mnzako zomwe iyeyo sangazione ali pomwe alipo. Taonani. M'chakachi fakitale yagulitsa kwa mwana wake mapampu a madola 8 miliyoni, omwe inawapanga ndi 6 miliyoni, kutanthauza kuti pa dola iliyonse ya mtengowo kotala ndi phindu la fakitale. Chaka chikutha pa 31 Disembala mwana uja wagulitsa ena, m'nyumba yosungira katundu mwatsala sitoko ya 4 miliyoni. Odita wa kumeneko apita kukawerenga mapampuwo, apeza alipodi, atenga ma invoisi, mtengo ukugwirizana, alemba kuti zonse zili bwino. Ndipo sakunama, m'mabuku a mwanayo 4 miliyoni ndi yolondola. Koma gulupu timaiona ngati munthu mmodzi, ndipo munthu sapanga phindu pochotsa ndalama thumba lakumanja kuika lakumanzere. Mu 4 miliyoni muja muli 1 miliyoni ya phindu lomwe fakitale yalemba kale koma palibe kasitomala wakunja amene walipira, ndiye pophatikiza mabuku iyenera kuchotsedwa, sitokoyo ibwerere pa 3 miliyoni yomwe inapangidwira.

Odita wa mwana uja sadziwa kuti fakitale inawononga zingati popanga mapampuwo, mabuku a fakitale sawaona. Ifenso sitidziwa kuti mapampu angati atsala kumeneko, komanso angati mwa iwo ndi ochokera kwa mayi osati kwa ogulitsa ena. Aliyense wagwira theka. Ngati kalata yanga ingonena kuti chitani oditi ya sitoko, iye achita ndithu bwinobwino ndipo 1 miliyoni ija idutsa pakati pa ife awiri popanda woiona. Kalata yabwino imanena mwatchutchutchu kuti tigawireni sitoko yotsala m'magulu awiri, yochokera kwa makampani a m'gulupu ndi yochokera kwina, onetsetsani kugawako ndi ma invoisi, mutitumizire ziwerengero zake komanso ndalama zomwe mwanayo akuti ali nazo ngongole kwa mayi pa 31 Disembala. Chomwe chimandipweteka n'choti makalata ambiri omwe ndawaona ndi a chaka chatha, angosintha deti pamwamba, masamba 40 odzadza ndi mafomu koma chiganizo chimodzi ngati chimenechi mulibe. Ndipo kalata payokha siikwana, ine ndimaimba foni n'kumupempha mnzangayo kuti andifotokozere m'mawu ake zomwe wamva kuti ndikufuna, apo ndi pomwe umadziwa ngati waiwerengadi.

Tsopano Febuluwale wafika, zotsatira zabwera. Chimabwera ndi chikalata chachidule chosainidwa, chonena ntchito yomwe agwira, zolakwika zomwe apeza, zofooka za kayendetsedwe ka ndalama ndi maganizo awo omaliza. Mayesero aakulu ndi kungochiwerenga, kuona mawu oti palibe chachilendo, kuchiika m'fayilo basi kupita kwina, makamaka poti nthawi imeneyo mabwana a gulupu amakhala akuimba tsiku ndi tsiku kufunsa kuti musaina liti.

Ine ndimayamba ndi kufananitsa manambala. Paketi ya ziwerengero yomwe odita uja wasainira ndi yomweyodi yomwe a akaunti a gulupu alowetsa pophatikiza mabuku? Zimachitika kuti wasainira ina, kenako a kampani asintha nambala n'kutumiza yatsopano kulikulu osamuuza. Kenako ngongole ija. Mabuku a fakitale akuti mwana ali ndi ngongole ya 3 miliyoni, odita wa mwana watitumizira 2.4 miliyoni. Kusiyana 600,000, ndipo m'chikalata chake sanatchulepo kanthu chifukwa iye anangoona mbali yake. Tikafufuza tipeza kuti fakitale inakweza mapampu m'sitima pa 28 Disembala n'kulemba kuti yagulitsa, katunduyo wafika kwa mwana pa 9 Januwale ndipo ndi pomwe iwo amulemba. Ndiye pa tsiku lotseka chaka mapampu a 600,000 anali panyanja, m'sitoko ya fakitale achokamo, m'sitoko ya mwana sanalowe, koma ndi a gulupu. Ayenera kubwezeredwa m'mabuku a gulupu pa mtengo wopangira, 450,000, ndipo phindu la 150,000 lomwe lili m'kati mwake lichotsedwenso. Phatikizani ndi 1 miliyoni ija, zakwana 1,150,000, tadutsa malire athu a 1 miliyoni, ndipo palibe aliyense amene anaba kapena kunama.

Zikafika potere sindidaliranso chidule, ndimapempha kuona mapepala awo enieni a ntchito. Lamulo silinena kuti uwerenge fayilo yonse ya komponenti iliyonse, limati uganize wekha kuti uone zochuluka bwanji potengera kukula kwa chiopsezo ndi mmene ukuwadziwira anthuwo, koma pomwe pali chiopsezo chachikulu kuona ndi maso ako n'kofunika. Pa pepala la kuwerenga sitoko ndimayang'ana deti yomwe anapita, ngati anapita pa 15 Disembala ndikufuna ndione mmene analondolera katundu wolowa ndi wotuluka mpaka pa 31. Ndimayang'ana kuti nyumba zosungira katundu zilipo zingati ndipo anapita zingati. Ndimayang'ana ngati pali manambala omwe anawerenga okha ndi dzanja lawo kapena angomata lipoti la kompyuta ya kampani n'kuika chizindikiro. Pepala loyera kwambiri, lopanda ngakhale funso limodzi lomwe anafunsa a kampani, limandidetsa nkhawa kuposa lodzadza ndi zofufuta.

Pa ndalama za kubanki ndimafunsa funso limodzi nthawi zonse, kalata yotsimikizira ya banki inabwera kwa inu mwachindunji kapena inadutsa m'manja mwa a kampani? Amene anali kale pa ntchitoyi mu 2003 akukumbukira Parmalat, kampani ya mkaka ya ku Italy. Mwana wake wina wotchedwa Bonlat, wolembetsedwa ku zilumba za Cayman, ankaonetsa kuti ali ndi mayuro 3.95 biliyoni ku Bank of America, mu Disembala chaka chimenecho bankiyo inanena kuti akauntiyo kulibe ndipo chikalata chotsimikizira chinali chabodza. Bonlat inkawerengeredwa ndi ofesi ina ya maodita, gulupu yonse ndi ofesi inanso. Ndikamawerenga fayilo ya mnzanga wakunja nkhani imeneyi siichoka m'mutu mwanga.

Nanga ukapeza kuti ntchito ya mnzakoyo ndi yoperewera? Sumulalatira, umamulembera zomwe zikusowa n'kumupempha abwerere akachite, monga kukatenga zikalata za sitima za katundu yense amene anafika m'masabata awiri oyamba a Januwale kuti tione ngati palibe winanso wonga wa 600,000 uja. Akakanika kapena nthawi ikamuthera, umatumiza anthu ako kapena kupita wekha. Mayiko ena salola kuti mafayilo a oditi atuluke kunja, apo timakwera ndege kukawerengera mu ofesi mwawo, kapena amationetsa pa sikirini ife n'kumalemba zomwe taona. Ndipo ngati njira zonse zatsekeka, mwina a kampani akukana kuti tilankhule ndi odita wawo wa kumeneko, ndiye kuti umboni wokwanira tilibe, ndipo izi zimalembedwa mu lipoti la gulupu lomwe eni masheya ndi mabanki adzawerenge.

M'chitsanzo chathuchi sizinafike pamenepo. Timatengera 1,150,000 ija kwa mkulu wa zachuma wa gulupu ndi mapepala ake onse, invoisi ya pa 28 Disembala, chikalata cholandirira katundu cha pa 9 Januwale ndi kugawa kwa sitoko kuja, iye akavomera kukonza phindu la gulupu limatsika kuchoka pa 20 miliyoni kufika pa 18.85 miliyoni. Mabuku a mayi payekha sasintha, kukonzaku kumachitika pophatikiza, ndipo komiti ya oditi, ija ya bodi ya gulupu yoyang'anira nkhani zimenezi, timaiuza zonse tisanasaine.