Thumba silikumata? Siyani vaselini, yezaninso sitoma

Sabata siitha ndisanamve mawu awa: "Anesi, matumba munandipatsa aja ndi achabe, sakumata." Amanena matumba olandira chimbudzi amene anthu ochitidwa opaleshoni ya matumbo amamata pamimba. Ndikamatula kuti ndione, thumbalo limakhala lilibe mlandu. Mlandu umakhala wa sizasi ndi kabotolo ka vaselini.

Kathumbo kamene adokotala anatulutsira pamimba panu, kamene timati sitoma, kamakhala kotupa opaleshoni ikangochitika. Kamaphwa pang'onopang'ono kwa milungu 6 mpaka 8. Koma anthu amasunga kapepala koyezera kamene tinawadulira tsiku lotuluka m'chipatala, n'kumadulirabe bowo la thumba pomwepo ngati ndi lamulo la m'Baibulo. Sitoma yachepa, bowo likadali lalikulu, ndiye khungu lapakatipo limakhala m'chimbudzi usana ndi usiku.

Amene sachoka m'maganizo mwanga ndi bambo wina wa kabaza. Taifodi inamuboola matumbo, ndipo anamuchita iliyositomi, kutanthauza kuti thumbo limene analitulutsa ndi laling'ono lija. Chimbudzi cha pamenepo ndi chamadzi, ndipo chimakhala chikadali ndi mphamvu yogaya chakudya. Chikakhala pakhungu chimaligayanso. Potuluka m'chipatala sitoma yake inali mamilimita 40. Patatha milungu isanu inali 28, iye akudulabe 40. Khungu lozungulira linasupuka ngati lathiridwa phala lamoto.

Akazi awo, mwachifundo ndithu, anapakapo vaselini. Guluu sagwira pamafuta, choncho thumba linkagwa katatu pa tsiku, ndipo matumba a mwezi wonse anatha m'masiku ochepa. Anayamba kumanga jumbo ndi selotepi. Kenako kunabwera wina wodziwa zonse wa m'mudzi ndi phulusa la mizu yake, akuti liumitsa bala. Bambowo poona kuti madzi akutuluka ambiri anaganiza zosiya kumwa, kuti mwina achepe. Anafika kwa ife atanyamulidwa, maso atalowa, lilime louma gwa, mkodzo osatuluka tsiku lathunthu. Impso zinali zitayamba kufooka. Anachira, koma anagona milungu iwiri chifukwa cha chinthu chimene tikanakonza m'mphindi khumi akanabwera sabata yoyamba.

Kukonza kwake n'kotere. Miyezi iwiri yoyambayi yezani sitoma nthawi iliyonse mukusintha thumba, ndipo bowo lisiye mpata wa mamilimita awiri kapena atatu okha kuzungulira. Tsukani khungu ndi madzi ofunda basi. Sipiriti ayi, detolo ayi, sopo wamafuta ayi. Umitsani posindikiza kansalu, osakhula. Ngati khungu likuchucha madzi, wazani paudala wa sitoma, osati wa makanda, n'kusasa wotsalayo. Mukamata, gwirani ndi chikhatho mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa kutentha kwa dzanja kumathandiza guluu kugwira. Musadikire kuti thumba lidzaze, likhuthuleni lisanafike theka, poti likalemera limadzimatula lokha. Ndipo mukamva kuyabwa kapena kuwotcha pansi pake, ladontha kale. Sinthani, osaphatikiza pulasitala pamwamba.

Inu a iliyositomi, kusiya kumwa sikuumitsa chimbudzi, kumaumitsa inuyo. Mumataya madzi ndi mchere womwe, ndiye madzi okha sakwanira. Imwani madzi a Thanzi ORS, onjezerani kamchere m'ndiwo, ndipo nsima, mpunga ndi nthochi zimathandiza kuti chimbudzi chilimbeko. Zotuluka zikapitirira lita imodzi ndi theka pa tsiku, mkodzo n'kuchepa, bwerani tsiku lomwelo. Chimanga chokazinga, mtedza wosasinja ndi mango aulusi dikirani nazo milungu yoyambayi, chifukwa zimatha kutseka njira. Mukadzayamba, yesani chimodzi pang'ono n'kutafuna mpaka chisalale. M'mimba mukatupa, mukusanza, m'thumba simunatuluke kanthu maola asanu ndi limodzi, musamwe mankhwala otsegula m'mimba. Ku chipatala. Chimodzimodzi sitoma ikada kapena kutuwa. Yabwino imakhala yofiira ndi yonyowa ngati m'kamwa, ndipo timagazi pang'ono poipukuta si nkhani.

Za ntchito, wa muofesi kapena mphunzitsi amatha kubwerera pakatha milungu 6 mpaka 8, atanyamula thumba lapadera lodula kale, kansalu ndi kajumbo kotayiramo. Wa khasu, wonyamula matumba a simenti ndi wa kabaza, inu nde musathamange. Pamene padutsa thumbopo mnofu wa pamimba ndi woboola, ndipo mukaukakamiza msanga matumbo amakankha n'kutupa pambali pa sitoma. Pamalo otupa thumba limavutanso kumata. Bambo uja tinamuuza kuti miyezi itatu asanyamule munthu panjinga, ndipo pa nthawiyo ankabwereketsa njingayo kwa mphwake n'kumagawana za tsikulo.