Mpunga wa dzulo: chifukwa chake kuufunditsa sikukwanira

Pa ntchito yanga ya zaumoyo pali funso limodzi limene ndimafunsa banja likabwera ana onse akusanza: chakudya chimene mwadyacho chinaphikidwa nthawi yanji, ndipo chinagona kuti? Amayi ambiri amayankha modziteteza kuti, "Komatu ndinafunditsa mpaka kutentha." Ndimawakhulupirira, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa tonse tinakula tikudziwa kuti moto umapha tizilombo. Koma pali zinthu zina zimene zimachitika mu poto usiku zimene moto wa m'mawa sungathenso kuzikonza, ndipo mpunga ndiwo umaonetsa bwino zimenezi.

Ndikukumbukira banja lina m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale usiku mphepo imakhala yotentha. Anali ndi alendo Lamlungu, ndiye anaphika mpunga wa Kilombero poto wamkulu cha m'ma 12 koloko masana. Alendo atapita unatsala pafupifupi theka. Mayi anavundikira bwinobwino n'kuuika pakona m'khitchini kuti makoswe ndi mphemvu zisaufike. Lolemba m'mamawa anaukazinga ndi mafuta, anyezi ndi tomato, ana anadya cha m'ma 6 koloko n'kunyamuka ulendo wa kusukulu. Pofika 9 koloko onse atatu anali atabwezedwa kunyumba akusanza. Bambo, amene anangomwa tiyi n'kuthamangira kuntchito, anali bwinobwino. Agogo a anawo anayamba kale kuganizira mmodzi wa alendo aja kuti mwina anathiramo kanthu.

Palibe anathira kanthu. Mpunga wosaphika umabwera kuchokera kumunda uli kale ndi kachilombo ka m'dothi kotchedwa Bacillus cereus. Kachilomboka kali ndi njira yodzitetezera: kamadzikulunga m'kachikhokho kolimba ngati kambewu, ndipo kambewu kameneka sikafa ndi madzi owira. Mpunga ukamapsa, tizilombo tina tambiri timafa, koma timbewu timeneti timatsala tili mtulo. Mukaudya ukadali wotentha palibe vuto lililonse. Koma ukayamba kuzizira pang'onopang'ono, n'kufika pofunda ngati thupi la munthu, timbewu tija timadzuka. Pamenepo tapeza chinyezi, chakudya ndi kafundidwe kabwino, ndiye timayamba kuswana. Kachilombo kamodzi kamatha kugawika pawiri mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Ngati kakugawika mphindi 20 zilizonse, pakatha maola 7 kamodzi kaja kasanduka toposa 2 miliyoni. Mpunga wa banja lija unakhala mu poto maola 18.

Tikamaswana choncho, mitundu ina ya tizilomboti imatulutsa poizoni m'mpungamo, ndipo vuto lagona pamenepa. Mukafunditsa m'mawa, tizilombo tamoyo timafa ndithu, koma poizoni amene tinasiya uja sawonongeka ndi kutentha kwa pambaula, kaya mukazinge kaya muwiritse. Alibe fungo, sasintha mtundu wa chakudya, ndipo lilime silimumva. Mpunga wochacha, wonanda, aliyense amauzindikira n'kuutaya. Umene umadwalitsa anthu kawirikawiri ndi wooneka bwino uja. Chizindikiro chake ndi kufulumira kwa matendawo: nseru ndi kusanza zimayamba pakati pa ola limodzi ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi munthu atadya, ndipo amadwala ndi okhawo amene anadya chakudyacho.

Tizilombo ta m'chakudya timaswana pakati pa madigiri 5 ndi 60. Pamwamba pa 60 sititha kuswana, ndipo pansi pa 5, monga mu fuliji yogwira bwino ntchito, timachita ulesi. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda maola oposa awiri. M'nyengo yotentha, makamaka kumadera ngati Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, ine ndimati ola limodzi. Kuwerenga kumayamba pamene mwaphula poto pamoto. Ambiri amayambira pamene anthu amaliza kudya, koma apo n'kuti nthawi yatha kale.

Ngati muli ndi fuliji, musadikire kuti poto azizire yekha, chifukwa poto wamkulu wovundikira amasunga kafundidwe pakati pake kwa maola ambiri. Pakulani mpunga wotsalawo, muuyale pa thireyi kapena mbale yaikulu yosaya, mulu wake usapitirire zala zitatu kuya, kuti nthunzi ituluke msanga. Ukasiya kufuka uikeni m'kontena yotseka n'kulowetsa mu fuliji ola lisanathe. Muudye tsiku lotsatira, muufunditse kamodzi kokha, ndipo utenthe mpaka pakati, nthunzi ikutuluka paliponse. Kuwaza timadzi pang'ono ndi kuvundikira kumathandiza kuti kutentha kulowerere. Magetsi akazima, fuliji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira maola pafupifupi anayi. Akazima usiku wonse, ndiye kuti mpungawo wagona pamtunda ngakhale unali mu fuliji.

Nyumba zambiri zilibe fuliji, ndipo pa nkhani ya mpunga ndilibe njira yozembera imene ndingakupatseni ndi mtima woyera. Mpunga wophika umene wagona pamtunda usiku wonse musadye, ndipo koposa musapatse ana, amayi oyembekezera, okalamba kapena odwala. Ndikudziwa mtengo wa kilogalamu ya mpunga, ndipo ndikudziwa mmene mtima umawawira kutaya chakudya. Njira yake ili poyeza musanaphike: chepetsani kapu imodzi, ndipo ukatsalabe ugawireni anansi madzulo omwewo ukadali wabwino.

Ndiwo zamsuzi, monga nyama, nkhuku ndi nyemba, zili ndi mdani wakewake wotchedwa Clostridium perfringens. Nayenso ali ndi timbewu tosafa ndi kuphika, ndipo amakonda pansi pa poto wakuya pamene mpweya sufika. N'chifukwa chake amavutitsa kwambiri pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pamaliro, pomwe ndiwo zimaphikidwa m'mapoto akuluakulu usiku kuti zidyedwe mawa masana. Matenda ake amachedwerapo: kupotokola ndi kutsegula m'mimba kumayamba pakati pa maola 6 ndi 24, nthawi zambiri popanda kusanza kapena kutentha thupi. Munthu amaloza chimene wadya kumene, pomwe cholakwa ndi ndiwo za dzulo.

Pano pali mpumulo pang'ono. Kachilombo aka kamadwalitsa munthu akakameza kamoyo kali kochuluka, choncho kuwiritsa ndiwo mokwanira kumathandizadi. Mwambo wa amayi athu wowiritsanso ndiwo asanagone, kuvundikira, n'kuletsa aliyense kupisamo supuni, uli ndi nzeru mkati mwake, chifukwa umapha zimene zinalowa pa nthawi yopakula. Koma timbewu tija timatsala, ndipo usiku ndi wautali. Choncho m'mawa ndiwozo zibwerere pamoto molawirira, ziwire mobwata, mukutakasa mpaka pansi kuti nthuli iliyonse itenthe mkati. Kuziika pamakala otsala pophika tiyi kuti zingofunda n'koopsa kuposa kuzisiya, popeza kafundidwe kameneko ndi kamene tizilombo timafuna. Ndipo njira iyi ndi ya usiku umodzi wokha. Ndiwo zimene zikuwiritsidwa tsiku lachitatu popanda fuliji zadutsa kale malire.

Za supuni zija musazipeputse. Pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri abwinobwino mumakhala kachilombo ka Staphylococcus aureus. Mwana akatola nthuli ndi zala mu poto wozizira, kapena wophika ali ndi bala pachala, kamalowa n'kuyamba kuswana, ndipo poizoni wake naye sawonongeka ndi kuwiritsa. Mkute wa nsima umakumana ndi zonse ziwiri: ufa wa chimanga nawo umatha kukhala ndi timbewu ta m'dothi tija, komanso mtanda umene watsala m'mbale imene anthu amadyeramo wagwidwagwidwa ndi manja. Ngati mukudziwa kuti nsima itsala, patulani mitandayo ndi chipande choyera anthu asanayambe kudya, ndipo mawa lake muiduledule n'kuitenthetsa mpaka mkati.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi phala la mwana. Mayi amaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena la Likuni m'mawa, amadyetsa mwana masupuni angapo, n'kuvundikira kapuyo kuti apitirize masana. Phala ndi lamadzimadzi, lili ndi shuga, mwina ndi mkaka, ndipo supuni yochokera m'kamwa mwa mwana yabwereramo kangapo. Pofika masana lakhala lofunda maola asanu. Wamkulu akhoza kupirira kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi, koma mwana wa miyezi 8 madzi amamuthera m'thupi mofulumira kwambiri. Phala la mwana liziphikidwa lochepa nthawi iliyonse yodya, ndipo limene latsala m'mbale yake lisasungidwe. Ngati mukupita kumunda kapena kumsika ndipo simungathe kusonkha moto kawiri, tsukani fulasiki, muitenthetse ndi madzi owira, ndipo thiranimo phala likadali lobwata. Mukatsegula lizifuka nthunzi moti muyenera kuliziziritsa musanadyetse. Mukalipeza lofunda chabe, fulasikiyo yalephera ntchito. Chimodzimodzi ndi fuduwoma: imangochedwetsa kuzizira kwa chakudya kwa maola ochepa, siyosungiramo chakudya kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Zikachitika kuti wina wadwala, matenda a mtundu uwu nthawi zambiri amatha okha mkati mwa tsiku limodzi, ndipo chofunika ndi kubwezeretsa madzi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo wodwala azimwa pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso ndi supuni. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo kuchipatala amapereka mapiritsi a zinki akumwa masiku 10 mpaka 14. Musathamangire kugula makapisozi pa golosale, chifukwa sachotsa poizoni amene ali kale m'mimba.

Thamangirani kuchipatala ngati m'chimbudzi muli magazi, thupi latentha kwambiri, wodwala akusanza chilichonse chimene wamwa, kapena mwana wafooka, akukana kuyamwa, maso ndi liwombo zalowa, kapena wakhala nthawi yaitali osakodza. Chimbudzi chamadzi choyera ngati madzi otsukira mpunga, chotuluka chambiri, chikhoza kukhala kolera, ndipo pamenepo musadikire kuti kuche. Nyamukani wodwalayo akumwa Thanzi m'njira.

Ana atatu aja anamwa Thanzi tsiku lonse, ndipo Lachiwiri anabwerera kusukulu. Agogo awo ndi amene anatenga nthawi kuti akhutire, mpaka titawerengera limodzi pa zala maola amene poto uja anakhala pakona, kuyambira 12 koloko masana mpaka 6 koloko m'mawa.