Kalata ya weta: lekani kulira, tiuzeni za matebulo

Mwezi uliwonse pamabwera munthu ndi envelopu kapena foni m'manja, nkuti: "Amayi, tandionereniko kalatayi ndisanatumize ku Dubai." Ndisanaiwerenge nkomwe ndimadziwa kale zimene zili momwemo. Ndine wolimbikira ntchito, wokhulupirika, woopa Mulungu. Ndimachokera ku banja losauka. Ndili ndi ana atatu ndi amayi okalamba amene akudalira ine. Chonde ndiganizireni, ntchito iliyonse ndigwira. Ndagwira ntchito m'malesitilanti zaka zambiri, kuyambira kunyamula thireyi mpaka kulemba ena ntchito, ndipo kalata imeneyi yanditopetsa. Amailemba anthu odziwa ntchito yawo bwino lomwe, koma mukaiwerenga simungadziwe ngati mwini wake anagwirapo mbale ya mlendo.

Ganizirani amene akuiwerenga. Ndi manijala wa lesitilanti ku Doha kapena ku Dubai, ndipo pa kompyuta pake pali mulu wa makalata ochokera ku Kenya, Uganda, Nepal ndi Philippines. Lilongwe sakuidziwa. Dzina la malo amene mumagwirako ku City Centre kapena ku Area 10, limene kuno aliyense amagwedeza nalo mutu, kwa iye lilibe tanthauzo. Sangathe kusiyanitsa hotela yaikulu ndi kanyenya wa pa Bwalo la Njobvu ngati inu simumuuza. Funso lake ndi limodzi: ndikamuika munthu uyu pa matebulo Lachisanu usiku nyumba itadzaza, athana nazo kapena aima ngati chitsa? Umphawi wanu suyankha funso limenelo. Ndipo kukulembani inu kumudyera ndalama za viza, tikiti ya ndege ndi zoyeza m'thupi, choncho sangachite mwachisoni.

Pali bambo wina wa ku Area 25 amene nkhani yake imandipwetekabe. Anagwira zaka 9 pa lesitilanti ya hotela ina mumzinda muno. Ndinamuonapo akugwira ntchito: amakumbukira oda ya anthu 8, yense nkulandira chake popanda kufunsanso kuti chambo ndi cha ndani. Anabwera ndi kalata ya masamba awiri, ndipo pa zaka 9 zonsezo panali chiganizo chimodzi chokha, chakuti ali ndi luso lokwanira. Zina zonse zinali sukulu fizi ndi kukwera kwa mtengo wa chimanga.

Tinakhala pansi ndipo ndinayamba kumufunsa. "Achimwene, lesitilanti yanu ili ndi mipando ingati?" Anati 80. "Inuyo mumagwira matebulo angati?" Anati 6, la anthu anayi lililonse. "Lachisanu tebulo limodzi limakhala ndi magulu angati usiku umodzi?" Anati awiri, nthawi zina atatu. Ndiye kuti munthuyu amaperekera chakudya kwa alendo pafupifupi 48 pa shifiti imodzi, yekha. Nambala imeneyo ndi imene manijala aliyense padziko lapansi amaimva, chifukwa m'ntchito yathu timawerenga anthu amene adya. Iye anaseka nkuti, "Amayi, zimenezo nzolembanso?" Ee, nzimenezo basi.

Titapitiriza zinatuluka zina. Alendo ake amaitanitsa pa menyu, aliyense chake, ndipo Loweruka amagwiranso bufe ya maukwati ndi misonkhano ya anthu mpaka 200. Izi ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo malonda a ntchito amanena imene akufuna. Weta wozolowera bufe yokha amavutika akapatsidwa tebulo lofuna kufotokozeredwa chakudya chilichonse, choncho ngati mumadziwa zonse ziwiri nenani, ndipo yambani ndi imene iwo apempha. Oda amailowetsa pa makina a POS, amalandira makadi, ndipo usiku amatseka yekha ndalama za matebulo ake. Anaphunzitsa maweta atsopano 5. Zonsezi anazisiya kunja, nkuikamo chimanga.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri anachinena mongodutsa. Mlendo wina anamuuza kuti mtedza umamudwalitsa, kenaka nkuitanitsa nsima ndi masamba. Bamboyu anakumbukira kuti tsiku limenelo masambawo anali otendera, anapita kwa shefu, nkubweretsa ophika popanda nsinjiro, mu poto wina. Kuno kwathu ambiri amaona ngati ndi matama a azungu, koma kunja munthu amachotsedwa ntchito chifukwa chonyalanyaza zimenezi, pakuti mtedza umatha kupha munthu wotere m'mphindi zochepa. Nkhani ya mizere itatu ngati imeneyi imaposa mawu akuti "wokhulupirika" olembedwa ka 10. Imodzi yokha, musaike zitatu.

Ndiye tinailembanso. Kalatayo ndi ya m'Chingerezi, koma mfundo zake zinali izi. Ndime yoyamba, ziganizo ziwiri: ndikufunsira ntchito ya weta imene mwalengeza, ndipo ndagwira ntchitoyi zaka 9 pa lesitilanti ya mipando 80 mu hotela ya ku Lilongwe, likulu la Malawi. Ndime yachiwiri, manambala aja: matebulo 6, alendo pafupifupi 48 usiku wotanganidwa, bufe ya anthu 200, dzina la makina a POS monga limaonekera pa sikirini, maweta 5 amene anawaphunzitsa. Ndime yachitatu, nkhani ya mtedza ija, ndi chiganizo chimodzi choonetsa kuti wawerenga menyu yawo. Anali malo a nsomba, ndiye ananena kuti wazolowera kufotokozera alendo za nsomba ndi kaphikidwe kake. Zonse zinakwana tsamba limodzi, mawu osapitirira 300. Za adiresi pamwamba ndi moni sindinena, munaphunzira ku sekondale.

Ndime yomaliza ndi imene anthu amaiopa, pomwe ndi imene imasiyanitsa kalata yopita kunja ndi yopita ku Area 3. Nenani poyera kuti ndinu Mmalawi amene ali ku Malawi, pasipoti yanu idzatha mwezi ndi chaka chakutichakuti, mufunika chilolezo chogwirira ntchito chochokera kwa iwo, ndipo kuntchito kwanu mupereka notisi ya mwezi umodzi. Ena amabisa poganiza kuti akawakonda kaye. Manijala akatulukira pa intavyu kuti pasipoti simunapange nkomwe, amatseka foni nkuitana wa ku Kampala amene ali nayo m'thumba. Mayiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, ndiye ngati yanu ikutha posachedwa thamangani ku Immigration lero, musadikire kuitanidwa. Nambala ya foni yambani ndi +265, muchotse 0 wa kumayambiriro. Ndaona makalata abwino ali ndi nambala imene munthu wa kunja sangathe kuimba. Tumizani PDF, osati chithunzi cha pepala chojambulidwa pa mphasa. Ndipo munthu amene mwamutchula kuti akuchitireni umboni muuzeni kaye, kuopa angadule foni poona nambala yachilendo.

Musadzikweze udindo. Ngati simunakhalepo mkulu wa maweta, musalembe. Ngati vinyo mumangodziwa kuti pali wofiira ndi woyera, musati ndinu katswiri. Intavyu imachitika pa vidiyo, ndipo adzakuuzani kuti fotokozani mmene mumatsegulira botolo pamaso pa mlendo ndi amene amalawa poyamba. Bodza limaululika pomwepo. Zaka za m'kalata zifanane ndi za mu CV, mwezi ndi mwezi.

Koma kalata yabwino singatsegule khomo limene lamulo linatseka, ndipo apa ndi pamene anthu akulirira. Ku United Kingdom ntchito ya weta siili m'gulu la ntchito zopezera viza ya anthu aluso, ndiye amene akukulonjezani uweta ku London akukunamizani, afune asafune. Ku South Africa Mmalawi amalowa ngati mlendo popanda viza, koma chidindo cha mlendo si chilolezo cha ntchito. Ambiri amene akunyamula mathireyi ku Joni ndi ku Cape Town alibe mapepala, bwana amawalipira mmene wafunira, ndipo akagwidwa amakathera ku Lindela kudikira kubwezedwa. Mayiko a Aluya ndi amene amalembadi maweta ochokera kunja, ndipo kumeneko lamulo ndi lomveka. Ku United Arab Emirates lamulo la ntchito la mu 2021 limaletsa bwana kulipiritsa wantchito ndalama zomulembera ntchito. Ku Qatar nakonso nzoletsedwa, ndipo kuyambira 2021 malipiro otsikitsitsa ndi mariyali 1,000 pamwezi, kuonjezapo 500 ya nyumba ndi 300 ya chakudya ngati bwana sakupereka zimenezi. Kugwira ntchito pa viza ya mlendo ku Dubai ndi mlandu. Munthu akakuuzani kuti "pitani kaye ngati mlendo, mapepala tikonzera konko", mutsanzikeni.

Taonani tsono mmene kalata yolira ija imagwirira ntchito. Bwana weniweni saiyankha. Amene amaiyankha, ndipo amayankha tsiku lomwelo, ndi wakuba, chifukwa mwamuuza nokha kuti mwathedwa nzeru ndipo muvomera chilichonse. Mudzamudziwa mosavuta. Amakulembani ntchito popanda intavyu, osakufunsani ngakhale funso limodzi la menyu. Amalankhula pa WhatsApp basi, imelo yake si ya dzina la hotelayo, ndipo amati malo atsala awiri, tumizani ndalama pa foni lisanafike Lachisanu. Hotela yeniyeni imatumiza kalata yolembedwa malipiro, maola, malo ogona ndi amene alipire tikiti, ndipo mungathe kuimbira pa nambala imene mwaipeza nokha nkufunsa ngati akukudziwani. Amayi athu amene anavutika ku Oman, pasipoti zitalandidwa, ambiri anapita kudzera mwa anthu a malonjezo otere. Ngati ndi ejenti wa kuno, kafunseni ku unduna wa zantchito ngati akumudziwa musanatulutse tambala.

Bambo wa ku Area 25 uja sanandiuze kuti kalata yakale ija anali ataitumiza kale ku nambala ina imene anaipeza pa gulu la pa foni. Yatsopanoyi anatumiza kumalo anayi, ndipo patapita masabata awiri anthu a nsomba aja anamupempha tsiku la intavyu. Koma winayo anali atayankha kale, ndi malipiro owirikiza kawiri, opanda mafunso. Anakongola K900,000 ku banki mkhonde ya mkazi wake, anasiya ntchito osapereka notisi poti ankati ndege ndi ya Lamlungu, ndipo imelo ya intavyu ija sanaiyankhe. Loweruka nambala ija inasiya kupezeka. Ndinakumana naye ku Old Town miyezi ingapo yapitayo, akuti akugwira maganyu a maukwati. Bwana wake wakale akukana kumulembera kalata ya umboni chifukwa cha mmene anachokera, ndipo popanda imeneyo sindikudziwa kuti zaka 9 zija tizilemba bwanji m'kalata yachitatu.