Kudula kanema wautali: yambirani pomwe nkhani yapsa

Tiyerekeze kuti mwajambula mlangizi wa zaulimi akulankhula kwa alimi ku Mitundu za kasungidwe ka chimanga, ndipo kanemayo ndi wa mphindi 45. Akubungwe akufuna timakanema tifupitifupi toika pa TikTok, Facebook ndi WhatsApp. Ambiri amangoyambira kumayambiriro n'kumadula mphindi imodziimodzi, ndipo kakanema koyamba kamathera pa "a gulupu, mafumu onse, amayi ndi abambo". Pabwalo ulemu umenewu ndi wofunika, koma munthu amene ali m'minibasi ya ku Kawale, bandulo yake ili pafupi kutha, sadikira kuti malonje athe. Masekondi atatu osamva kanthu, chala chakankha kale.

Musanatsegule pulogalamu yodulira makanema ngati CapCut, mverani nkhani yonse muli ndi pepala. Mukamva mfundo imene munthu woti sanali pamsonkhanopo angaimvetse payokha, lembani nthawi imene yayambira ndi imene yathera. M'mphindi 45 mukapeza mfundo zisanu zotere mwachita bwino. Zina zonse zisiyeni, ngakhale zikhale zokoma.

Tinene kuti pa 18:40 mlangizi akuyamba kufotokoza njira yoyezera ngati chimanga chauma: kuthira chimanga ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, kutseka n'kukhutchumula. Mchere ukakakamira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti chimangacho chikadali ndi chinyezi. Iyi ndi mfundo yabwino chifukwa ili ndi vuto, yankho ndi chinthu chooneka ndi maso. Koma iye wayamba ndi mawu akuti "ndiye monga ndanena kale, zimenezi zimachitika chifukwa...". Wowonera sakudziwa kuti "zimenezi" ndi ziti. Mawu ngati "zimenezi", "choncho" ndi "amene aja" amaloza m'mbuyo, ndipo kakanema koyambira pamenepo kamayamba kali kolemala.

Pitirizani kumvera. Pa 19:25, atatenthedwa, akuti: "Chimanga chimene mukuti chauma chija chikhoza kukuwolerani m'thumba." Chiganizo chimenechi ndiye mbedza yanu yokolera wowonera. Chiduleni, chiikeni kutsogolo, kenako bwererani ku 18:50 pomwe wanyamula botolo, mulekere pomwe wasonyeza mcherewo. Zonse zikwana masekondi pafupifupi 40. Musawonjezere kuwomba m'manja kapena "zikomo kwambiri", yankho likaperekedwa kakanemako katha. Ndipo chizindikiro cha bungwe chozungulirazungulira chija, chimene mabwana amachikonda, chisakhale poyambira.

Kusuntha chiganizo n'kololedwa malinga tanthauzo silikusintha. Mlangizi akati "thumba losalowa mpweya silifuna mankhwala, ngati chimangacho chauma bwino ndipo mwamanga mothina", inu n'kudula pa "mankhwala" pofuna mbedza yaifupi, mwamunamizira. Alimi adzaika chimanga chachinyezi, ndipo wotukwanidwa adzakhala iyeyo. Mawu oyamba ndi "ngati" kapena "pokhapokha" asamasiyane ndi chiganizo chake.

Podula penipeni, kulitsani mzere wa mawu muone pomwe mafunde atsika, pamene wolankhula akupuma. Dulani pamenepo, n'kusiyako kachidutswa ka sekondi kutsogolo. Mukadula mothina, "chimanga" chimamveka "imanga".

Tsopano za chithunzi. Kanema wogona ndi 16:9, woimirira ndi 9:16, nthawi zambiri mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. Ngati munajambula pa 1920 ndi 1080, chigawo choimirira chimene mungatengemo ndi cha mapikiselo 608 okha m'lifupi, ndipo chikakokedwa kuti chidzaze foni nkhope imaoneka mwachimbuuzi. Kanema wa 4K, wa mapikiselo 3840 ndi 2160, amakupatsani mapikiselo 1215 m'lifupi, n'chifukwa chake ndi bwino kujambula pa 4K mukadziwa kuti mudzadula. Onetsetsaninso kuti botolo lija silinatuluke kunja. Mlangizi akalitambasulira kumbali, sunthani chithunzi chitsatire dzanja, nkhope ibwera pambuyo.

Ambiri amaonera foni ili chete, choncho mawu alembedwe pakanema kuyambira sekondi yoyamba, mizere iwiri basi panthawi imodzi. Aikeni chapakati, chifukwa kumunsi ndi kudzanja lamanja TikTok imaikako mabatani ndi dzina la mwini tsamba. Chichewa muziwerenga nokha liwu ndi liwu. Chilembo chimodzi chikasowa, anthu amayamba kukambirana za kalembedwe m'malo mwa chimanga.

Musanatumize, patsani foniyo munthu amene sanamve nkhani yonseyo, aonere masekondi asanu okha mawu atazimitsidwa, kenako mumufunse kuti kanemayu akunena za chiyani. Akayankha kuti "za msonkhano", bwererani ku pepala lija mukasake chiganizo china. Akati "za chimanga chowola", pitani pa mfundo yachiwiri.