Lekani kuuza ana kuti Chichewa chakwawo ndi chopotoka

Ndaphunzitsa aphunzitsi a Chichewa kwa zaka zambiri, ndipo mawu amene anditopetsa ndi awa: "Mwanayu amayankhula Chichewa chopotoka." Chopotoka poyerekeza ndi cha ndani? Mukafunsa, yankho limakhala lakuti cha m'buku. Koma cha m'bukucho anachisankha ndi anthu, ndipo zaka zimene anachisankhira tikuzidziwa.

Amishoni atayamba kulemba chiyankhulochi, aliyense ankalemba chimene ankamva pakhomo pake. Ku Blantyre, David Clement Scott anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Ku Likoma, a Anglican ankalemba Chinyanja cha kunyanja. Ku Mvera ndi ku Nkhoma, a Dutch ankalemba cha Achewa. Buku Lopatulika la 1922 linayesa kuphatikiza cha kumwera ndi cha pakati, ndipo poti linkawerengedwa Lamulungu lililonse, anthu anazolowera kuti chiyankhulo cholembedwa chimamveka choncho. Kenaka boma linalowererapo. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha MCP unagamula kuti dzina likhale Chichewa, osati Chinyanja, ndi kuti chikhale chiyankhulo cha dziko lonse. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, ndipo malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973. Kamuzu Banda anali wa ku Kasungu, choncho khutu lake ndilo linakhala muyeso. Akanakhala wa ku Chikwawa, bwenzi lero tikudzudzula ana a ku Kasungu.

Pali mtsikana wina wa Sitandade 6, wa kuchigwa cha Shire, amene nkhani yake imandiwawabe. Ndinaona kope lake ndikuyendera mphunzitsi amene ankayeserera ntchito. M'chimangirizo analemba kuti, "Agogo anabadwira ku Nsanje kalekale." Cholembera chofiira chinadula "ana" n'kulemba "ada", pambali n'kuwonjezera kuti "Phunzira Chichewa chabwino." Tsamba lonse linali magazi okhaokha.

Tsono taonani chimene mwanayo ankachita. Kumadera ambiri a m'chigawo chapakati, zakale kwambiri amati "adabadwa", "adapita", ndipo -na- amasungira za posachedwa. Kumwera ambiri amagwiritsa -na- ponseponse, koma kusiyanako sikutayika, kumangosamukira m'kamvekedwe. Nenani "anapita" mokweza mawu pa "na", mukunena zakale. Kwezani pa "pi", mukunena za lero lomwe. Mwanayo pakamwa ankasiyanitsa bwinobwino nthawi ziwirizi. Vuto ndi lakuti kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndiye papepala zonse zimaoneka chimodzimodzi. Mphunzitsi akanangomuuza kuti, "Kwanu mumatero, ndipo n'zoona, koma pamayeso lemba -da- pa zakale." Mmalo mwake anamuuza kuti sadziwa kuyankhula. Nditamufunsa funso m'kalasi, anangoweramitsa mutu, anzake a m'tauni akuyembekeza kuti atsegule pakamwa aseke.

Sindikunena kuti kalembedwe kamodzi tikataye. Buku la Sitandade 1 silingasindikizidwe kakhumi, ndipo wolemba mayeso ku Mchinji ndi ku Mulanje ayenera kuyesedwa mofanana. Koma malamulowo ndi a cholembera, ndiponso amasintha. Chilembo cha ŵ chinkalemekezedwa chifukwa ku Kasungu chimamveka, lero manyuzipepala ambiri sachilemba. Ku Zambia chiyankhulo chomwechi amachilemba Cinyanja, popanda h, ndipo palibe amene wadwala nazo. Chichewa Board yomweyo inatha, ntchito yake n'kupita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996.

Amene ndikuti muwachenjerere ndi akadaulo odzidzoza okha, amene amaimba foni pawailesi kapena kulemba pa Facebook kuti "kubyala" kapena "kudzala" si Chichewa, Chichewa ndi "kubzala" basi. Afunseni kuti anafufuza m'midzi ingati. Kawirikawiri muyeso wawo ndi wa kwa amayi awo. Ena afika pouza makolo kuti azikalipira mwana akayankhula ngati agogo ake, ati kuti asadzalephere mayeso. Mwana wotero amaleka kucheza ndi agogowo, ndipo mayina a nsomba, a mitundu ya mapira, a zipangizo za bwato, amene m'mabuku a sukulu mulibe, amatsala opanda wowalandira.

Aphunzitsi, musadikire kuti mwana afike Sitandade 8. Mukaona wa Sitandade 1 kapena 2 amene panja amalongolola koma m'kalasi ali duu, fufuzani ngati akusekedwa chifukwa cha kayankhulidwe. Mawu akwawo alembeni pabolodi pambali pa a m'buku, ana onse awatchule, kenaka muwauze la pamayeso. Mukachedwa zaka zitatu, mudzapeza mwana amene sakwezanso dzanja ngakhale pa masamu.